Tapu chenja ya ofu-lodi ndi ya oni-lodi: bwanji babu imafiira 6 koloko madzulo koma usiku n'kumathobwa m'maso

Anthu okhala kumapeto kwa laini amakonda kundifunsa funso limodzi lomweli, akuti bwanji ikangokwana 6 koloko madzulo firiji imayamba kung'ung'udza, hotipuleti madzi a nsima osawira, koma ukadzuka 2 koloko usiku babu yomwe ija ikuwala ngati ili pa mpikisano, kodi thiransifoma yathuyi yatopa? Kawirikawiri thiransifoma imakhala ilibe mlandu. Chimachitika n'choti magetsi akamayenda mu waya voteji ina imatsalira m'njira, ndipo imatsalira yambiri kalenti ikachuluka. Madzulo aliyense wayatsa zake, kalenti yakwera, voteji yofika kwanu yatsika. Usiku anthu agona, waya wapepukidwa, voteji ikufika pafupifupi yonse. Ndiye payenera kukhala china chake chobweza voteji ija pamalo ake, chinthucho ndiye tapu chenja, ndipo zilipo za mitundu iwiri zomwe anthu amaziyesa pachibale kwambiri koma ntchito zake n'zosiyana.

Tiyambe ndi tapu yeniyeniyo. M'thiransifoma muli makoyilo awiri a waya okulungidwa pa chitsulo chimodzi, ndipo voteji yotuluka imatengera maraundi a waya mbali iyi kuyerekeza ndi mbali inayo:

```
V2 = V1 × (N2 ÷ N1)
```

V1 ndi voteji yolowa, V2 ndi yotuluka, N1 ndi maraundi a koyilo yolowera magetsi, N2 ndi a koyilo yotulukira. Nde taonani, mukachepetsa N1 voteji yotuluka imakwera, mukaonjezera imatsika. Opanga thiransifoma amatulutsa timawaya pamalo angapo pa koyilo yolowera ija, tinene pa raundi 1,050, pa 1,025, pa 1,000, pa 975 ndi pa 950, kuti muzisankha kuti magetsi ayende maraundi angati. Timawaya timeneti ndiye matapu, chosankhira chija ndiye tapu chenja. Amakonda kuika matapu ku mbali ya voteji yaikulu chifukwa kumeneko kalenti ndi yochepa. Thiransifoma ya 10 MVA ya 33 kV kupita 11 kV imanyamula maampu pafupifupi 175 ku mbali ya 33 koma 525 ku mbali ya 11, nde makontakiti osinthira maampu 175 savuta kupanga ngati a 525. Komanso koyilo ya voteji yaikulu imakhala kunja, kutulutsirako timawaya sikuvuta, ndipo ili ndi maraundi ambiri moti mutha kudula masitepe ang'onoang'ono.

Thiransifoma ili pa polo kwanuko, kaya ija ili m'kampanda kuseri kwa msika, ili ndi mtundu wa ofu-lodi. Pa thanki pake pali kachogwirira kokhala ndi manambala 1 mpaka 5 ndi kaloko kake, ndipo pa kachitsulo kolembapo zambiri za thiransifomayo mupeza kawirikawiri zili chonchi: tapu 1 ndi 11,550 V, tapu 2 ndi 11,275, tapu 3 ndi 11,000, tapu 4 ndi 10,725, tapu 5 ndi 10,450. Sitepe iliyonse ndi 2.5 peresenti. Apa ndi pomwe ophunzira ambiri amasokonezeka, amaona 11,550 n'kuganiza kuti tapu 1 ndiyo yopatsa mphamvu zambiri. Ayi ndithu. Nambala ija ikutanthauza voteji imene thiransifoma ikuyembekeza kulandira. Mukaiika pa tapu 1 mukuiuza kuti kuno kumabwera voteji yokwera, tsitsako. Mukaiika pa 5 mukuiuza kuti kuno kumabwera yofooka, kwezako. Koma opanga ena amayala manambala mwa njira yawo, ndiye werengani kachitsulo kaja musanakhudze, osangodalira zoloweza.

Dzina lakuti ofu-lodi limanamiza, ndipo lavulaza anthu. Munthu amamva ngati ukangochotsa lodi basi, kuzula mafyuzi a ku mbali ya makasitomala, ndiye kuti waloledwa kupotokola. Sizili choncho, thiransifoma iyenera kukhala yakufa kotheratu, mbali ya 11 kV yadulidwa, mwayeza kuti mulibe moto, mwaika maefi, mawaya olumikiza ku nthaka, mbali zonse ziwiri. N'chifukwa chake m'mabuku atsopano mumaona akulemba DETC, kutanthauza yosintha magetsi atazimiratu. Ngakhale palibe kasitomala ndi m'modzi yemwe, koyilo ija imakhala ikukoka kakalenti kopangira maginito, ndipo makontakiti a ofu-lodi ndi tizitsulo wamba toyenda pa liwiro la dzanja lanu, mulibe chozimitsira aki, moto uja umadumpha pakati pa zitsulo mukazilekanitsa kalenti ikuyenda. Ine ndidakali wophunzira ndinaona mkulu wina atazula mafyuzi a mbali yaing'ono okha n'kugwira kachogwirira kaja, amene ankatiyang'anira anakuwa ali patali, achimwene siyani pomwepo, tayang'anani m'mwambamo mafyuzi a 11 kV aja, madilopu-auti, akadali olumikiza. Anachotsa dzanja akuseka koma thukuta lili kamukamu. Akanapotokola, aki ikanayaka mkati mwa oyilo, gasi n'kudzaza thanki nthawi yomweyo, ndipo iye nkhope ili pompo.

Tsono tiyeni tione kuti kachogwirira kameneka kamatha chiyani ndipo kamalephera pati, ndi manambala achitsanzo. Titenge thiransifoma ya 100 kVA kumapeto kwa laini yaitali ya 11 kV yochokera ku sabusiteshoni, imene timaitcha fida, pa tireding'i senta pomwe pali chigayo, mawelda awiri ndi nyumba zingapo. Ikalandira 11,000 ili pa tapu 3 yopanda lodi imatulutsa 415 V pakati pa mafezi, yomwe ndi pafupifupi 240 V pa soketi. Muyezo wa IEC 60038 umati 230 V, kupitirira kapena kuchepera ndi 10 peresenti, ndiye kuti tisatsike pansi pa 207 ndipo tisadutse 253. Bwalo lathu losewerera ndi mavoti 46 basi.

Mwaika chojambulira voteji kwa sabata yathunthu, mwapeza kuti usiku pa polopo pamafika 11,200 koma madzulo pamafika 10,400. Madzulo thiransifoma ikalemedwa imadya yokha mavoti ngati 7, ndipo waya wopita ku nyumba yomaliza umadya ena 15, onse pamodzi 22. Pa tapu 3, madzulo: 10,400 ÷ 11,000 × 240 ikupereka 227, kuchotsa 22, nyumba yomaliza ikulandira 205. Yagwa kunja, n'zija firiji ikulira. Usiku nyumba yoyandikana ndi thiransifoma ikulandira 244, ili bwinobwino. Munthu waphuma amangoti tiikweze mpaka pa 5 anthu asiye kudandaula, ndipo madzulo zimaoneka ngati wachita bwino kwambiri chifukwa 239 kuchotsa 22 ndi 217. Koma usiku ukafika, 11,200 ÷ 10,450 × 240 ndi 257. Yadutsa 253, mababu ayamba kupsa sabata iliyonse, machaja a foni akutentha, ndipo thiransifoma nayo ikulira mokweza kuposa kale chifukwa chitsulo chake chikukakamizidwa maginito opitirira muyezo, nacho chimatentha. Tapu 4 ndiyo ikukwana, madzulo 233 kuchotsa 22 ndi 211, usiku 251. Yakwana inde, koma yakwana ngati nsapato yobwereka, mavoti 4 okha pansi ndi 2 pamwamba.

Chomwe ndikufuna muone pa manambalawa ndi ichi. Pa tapu 3 kusiyana kwa usiku ndi madzulo kunali mavoti 39, pa tapu 4 ndi 40, pa tapu 5 ndi 40. Ofu-lodi imanyamula zonse pamodzi, chigwa ndi phiri lomwe, n'kuzikweza kapena kuzitsitsa, koma mtunda wa pakati pa chigwa ndi phiri siukhudza mpang'ono pomwe. Ndiye siwongolera voteji, imangokonza poyambira. Mumaisintha thiransifoma ikamaikidwa, kapena dera likakula, kapena fida ikasinthidwa kodyera, mwina kamodzi pa zaka zingapo. Chochepetsa kusiyana kuja chiyenera kukhala chinthu choyenda tsiku lonse motsata lodi, ndipo simungamathimitse tauni yonse ka 20 pa tsiku kuti musinthe tapu.

Apa ndiye pabwera oni-lodi, yosintha tapu magetsi osazima, pa mapepala amalemba OLTC. Imakhala pa mathiransifoma akuluakulu a ku sabusiteshoni, monga aja otsitsa 132 kV kapena 66 kV kupita 33, ndi 33 kupita 11, ma voteji omwe ESCOM imagwiritsa ntchito kuno kwathu. Vuto limene imathetsa ndi lokoma kuliganizira. Mukufuna kuchoka pa tapu iyi kupita pa inzake maampu mazana akuyenda. Mukayamba mwasiya yakale kenako n'kugwira yatsopano, mwadula magetsi a tauni yonse ndipo aki yake ndi yoopsa. Mukagwira yatsopano musanasiye yakale, mwalumikiza matapu awiri omwe pakati pawo pali voteji, pa koyilo ya 33 kV sitepe ya 1.25 peresenti ndi mavoti oposa 400, ndiye mwapanga shoti pa maraundi ochepa aja ndipo kalenti yake imatha kusungunula waya. Kusiya sikutheka, kugwira konse sikutheka.

Yankho lake lili ngati kuwoloka mtsinje pamiyala, phazi lina limafika pamwala wakutsogolo linzake lisananyamuke, ndiye pali kanthawi komwe mwaponda miyala iwiri. Kuti kanthawi kameneko kasakhale shoti amaikapo marezisita. Njira imeneyi inachokera kwa injiniya wa ku Germany, Bernhard Jansen, m'zaka za m'ma 1920, ndipo mpaka lero makina ambiri kunja kwa America amayendera yomweyi. Ku America ambiri amagwiritsa ntchito koyilo yotchedwa riyakita m'malo mwa rezisita, riyakitayo imatha kukhala itaponda matapu awiri nthawi yaitali osapsa, koma tiyeni tikhale pa ya marezisita poti ndiyo mungakumane nayo.

Makina ake akuluakulu ali pawiri. Pali selekita, yomwe ili ndi manja awiri, lina la matapu 1, 3, 5 lina la 2, 4, 6. Kalenti ikamayenda pa dzanja lina, linalo lili pa ulesi, ndiye limatha kusunthira pa tapu yotsatira mwakachetechete popanda aki iliyonse. Kenako pali daivata, yomwe ntchito yake ndi kusamutsa kalenti kuchoka dzanja ili kupita linalo. Tinene tili pa tapu 8 tikupita pa 9. Mota iyamba kuzungulira, selekita yaika dzanja laulesi pa 9, nthawi yomweyo motayo ikukoka sipuling'i yamphamvu. Sipuling'i ikakwana imafwatuka yokha, daivata n'kudumpha: kontakiti yaikulu ya 8 itseguka kalenti n'kudutsira mu rezisita ya 8, kenako rezisita ya 9 igwira, apa taponda miyala yonse iwiri ndipo kalenti yozungulira pakati pa matapu ikuchepetsedwa ndi marezisita, kenako rezisita ya 8 isiya, pomaliza kontakiti yaikulu ya 9 igwira. Zonsezi zimatha mu mamilisekondi pafupifupi 50, pomwe mota imatenga masekondi angapo. Mukaima pafupi mumamva mota ikuti wiii kwa kanthawi kenako khoo! kamodzi, ndiye kuti yasintha.

Sipuling'i ija si yokongoletsa. Marezisita aja anapangidwa kuti apirire kalenti kwa kanthawi kochepetsetsa, akakhalitsa amapsa. Tsono bwanji magetsi a mota atathima daivata ili pakati pa ulendo? N'chifukwa chake mota siyendetsa daivata mwachindunji, imangokoka sipuling'i, ndipo sipuling'i ikangomasuka palibe choiimitsa, imamaliza ulendo kaya mota yafa kaya ili moyo.

Amene amauza mota kuti yenda ndi rileyi yoyang'anira voteji, pa panelo mupeza yalembedwa AVR kapena AVC. Imawerenga voteji kudzera pa kathiransifoma koyezera kotsitsa 11,000 kukhala 110, ndiye mukafuna 11,200 pa basibala, chitsulo chomwe mafida onse amatengerapo magetsi, mumaika 112. Makina ambiri ali ndi malo 17, masitepe 8 kukwera ndi 8 kutsika, iliyonse 1.25 peresenti, yomwe ndi mavoti 137 ku 11 kV, ofika pa soketi yanu ngati mavoti 3 okha. N'chifukwa chake simuona kuti yasintha. Pali zinthu ziwiri zoika pa rileyi zomwe munthu akalakwitsa amapha makina. Choyamba ndi mpata wololera, tinene 1 peresenti pamwamba ndi pansi, kuti voteji ikakhala pakati pa 111 ndi 113 rileyi izingoyang'ana. Mpata wonsewo uyenera kuposa sitepe imodzi. Mukaupanikiza kwambiri, voteji ikatsika pang'ono makina akweza, sitepe ija yadutsitsa pamwamba, atsitsa, yagweranso pansi, akwezanso, tsiku lonse khoo khoo ngati munthu wosinja. Amisiri amati ikusakasaka. Mumazindikira ndi kauntala ya pa bokosi la mota, makina omwe amasintha ka 15 kapena ka 20 pa tsiku mukapeza apita mazana mu tsiku limodzi, pitani mukaone mpata uja. Chachiwiri ndi kudikira, masekondi 30 mpaka 120 kutengera malo, kuti mota ya chigayo ikangolira voteji n'kugwa kwa masekondi awiri makina asathamangire. Ndipo pomwe pali masabusiteshoni otsatizana, ya kumtunda imapatsidwa nthawi yaifupi kuti iyambe ndiyo kukonza, apo ayi yakumunsi ikweza kenako yakumtunda ikwezanso, yakumunsi n'kubwereranso, ntchito kawiri.

Tibwerere ku tireding'i senta kuja. Mu chitsanzo chija oni-lodi inali ikugwira kale ntchito, ndiyo imagwira basibala pa 11,200 usana ndi usiku ngakhale mbali ya 33 kV ikusewera, popanda iyo kusiyana kuja kukanaposa 40 kutalitali. Koma rileyi ili ndi kaluso kena kolembedwa LDC. Mumaiuza R ndi X ya laini, manambala osonyeza momwe waya amadyera voteji, iyo imayeza kalenti yotuluka n'kuwerengera kuti m'njira mukutsalira voteji yochuluka bwanji, ndiye lodi ikakwera imakweza dala cholinga chake. Tinene taitchera kuti madzulo basibala ifike 11,500 ndipo usiku itsike pa 11,000. Kumapeto kwa fida madzulo kufika 10,700 m'malo mwa 10,400. Pa tapu 4 ya kathiransifoma kathu kaja, 10,700 ÷ 10,725 × 240 ndi 239, kuchotsa 22, nyumba yomaliza ili pa 217. Usiku 11,000 ÷ 10,725 × 240 ndi 246. Kusiyana kwachoka pa 40 kufika pa 29, ndipo palibe amene wakwera polo. Mtengo wake amalipira ndi okhala pafupi ndi sabusiteshoni, iwowo madzulo akulandira 11,500 yonse, ndiye mathiransifoma awo ayenera kukhala pa tapu 2 kapena 1 pomwe akumapeto ali pa 4. Umu ndi momwe ziwirizi zimagawanirana ntchito, oni-lodi imatsata wotchi, ofu-lodi imatsata mtunda. LDC imavuta pomwe basibala imodzi ikudyetsa mafida osiyana khalidwe, ina ya mafakitale yolemedwa masana ina ya malokeshoni yolemedwa madzulo, chifukwa tapu ndi imodzi, ikakomera awa ikulakwira awo.

Pali zambiri zomwe tapu chenja singachite ngakhale itakhala yatsopano. Kuphethira kwa mababu welda akamawotcherera n'kothamanga kwambiri, makina odikira miniti sangakuone. Ngati fezi imodzi yadzazidwa nyumba zambiri kuposa zinzake, tapu imakweza mafezi onse atatu mofanana, wofooka apeza bwino pang'ono enawo apsa, mankhwala ake ndi kugawa lodi. Nyutulo ikaduka kapena ikabedwa, nyumba zina zimaona voteji yoyandikira 400 zina pafupifupi kulibe, zimenezo si za tapu konse. Komanso tapu sipanga mphamvu, ikakweza voteji kumunsi imakoka kalenti yochuluka kumtunda, ndiye giridi yonse ikakhala yofooka makina onse akamakweza nthawi imodzi amangoikankhira kuphompho, n'chifukwa chake rileyi imatsekedwa kuti voteji ikagwa mopitirira isayese n'komwe. Pa chosonyeza tapu pali timivi tiwiri totsalira pomwe makina anafika pamwamba ndi pansi, mukapeza kamuvi kakhala pa tapu yomaliza madzulo aliwonse dziwani kuti vuto si makina, fida kapena thiransifoma yachepa. Nanga mathiransifoma awiri akamagwira limodzi pa basibala imodzi, ayenera kuyendera pamodzi, ina kutsogolera ina kutsata, akasiyana matapu kalenti imangozungulira pakati pawo, onse akutentha chonsecho lodi ndi yomwe ija.

Kuwonongeka kwake nakonso n'kosiyana, ndipo kwa ine mpomwe pamaseketsa, oni-lodi imafa ndi kuyenda, ofu-lodi imafa ndi kukhala. Daivata ya mu oyilo imapanga aki pa kusintha kulikonse, oyilo wake amada ngati makala, makontakiti amadyeka, ndiye imakhala m'chipinda chakechake kuti oyilo wakudayo asasakanikirane ndi wa mu thanki yaikulu, ndipo imatsegulidwa ikayenda maulendo 50,000 mpaka 100,000 kapena pakatha zaka zingapo malinga ndi buku la wopanga. Zatsopano zimazimitsira aki m'timabotolo ta vakyumu, oyilo amakhala woyera ndipo zina zimafika maulendo 300,000 zisanatsegulidwe. Mukatumiza oyilo ku labu, gasi wa asetilini mu chipinda cha daivata ya mtundu wakale si nkhani, aki ndiyo ntchito yake. Koma asetilini yemweyo akapezeka mu thanki yaikulu, mwina chipinda chija chikudontha, mwina muli aki pomwe sipayenera kukhala aki, ndipo zonse ziwiri si zogonera.

Ya ofu-lodi ikakhala zaka 10 kapena 15 pamalo amodzi, pa kontakiti pamayamba kakhungu ka oyilo wopsa, kakhunguko kamaonjezera kutentha, kutentha kumapanga kaboni wina, kaboni n'kumakankha kontakiti mpaka pena kupsereratu. Mu oyilo mumayamba kuoneka etilini ndi metheni, ndipo mukayeza rezisitansi ya makoyilo fezi imodzi imasiyana ndi zinzake. Nde thiransifoma ikazimitsidwa pa chifukwa china chilichonse, amisiri odziwa amayendetsa kachogwirira kaja kuchoka pa 1 kufika pa 5 n'kubwerera kangapo kuti makontakiti adzipukute, kenako kubwezera pa tapu yofunika mpaka kamve kuti kakhala m'malo mwake, kuloka, n'kuyeza reshiyo ya voteji yolowa ndi yotuluka pa mafezi onse atatu asanayatse. Kuyeza kumeneku ena amakudumpha poti kwada ndipo anthu akufunsa kuti magetsi ayaka liti, koma kachogwirira kamatha kuloza pa 4 kunjaku pomwe mkatimo kontakiti yaima pakati pa 3 ndi 4 itangogwira ndi kansonga.